Phulusa la mapiri ophulika: kulemera kwake padenga, kuwononga kwake m'munda ndi m'madzi, ndi chonde chobwera pambuyo

Pa 15 Juni 1991, phiri la Pinatubo pachilumba cha Luzon m'dziko la Philippines linaphulika mwamphamvu, n'kuponya phulusa m'mwamba makilomita oposa 30. Akatswiri a bungwe la dzikolo loona za mapiri ophulika, PHIVOLCS, pamodzi ndi anzawo a ku America anali atachenjeza kale, ndipo anthu zikwizikwi anali atasamutsidwa m'mphepete mwa phirilo. Chenjezolo linapulumutsa miyoyo yambiri. Komabe anthu pafupifupi 300 anafa pa kuphulikako, ndipo ambiri mwa iwo sanapse ndi moto kapena kukokoloka ndi chiphalaphala. Anafera m'nyumba, m'matauni otalikirana ndi phirilo makilomita makumi awiri kapena atatu, madenga atawagwera. Tsiku lomwelo namondwe wotchedwa Yunya ankadutsa pachilumbacho, ndiye phulusa linkagwa losakanikirana ndi mvula, kunja kuli mdima masana, nthaka ikugwedezeka ndi zivomezi.

Kuti timvetse chomwe chinagwetsa madengawo, tiyambe tadziwa chomwe chinkagwa kumwambako. Phulusa lomwe timalidziwa ndi la nkhuni, lopepuka, lotsala pamene chinthu chapsa, lomwe amayi amachezera chidulo. La phiri lophulika silichokera ku chinthu chopsa. Ndi mwala. Pansi pa phiri pamakhala mwala wosungunuka wodzaza ndi mpweya wopanikizika, ndipo ukamakwera kumtunda mpweyawo umafufuma mwadzidzidzi n'kuuphwanya mwalawo kukhala tizidutswa. Tizidutswa tosaposa mamilimita awiri kukula kwake ndi tomwe akatswiri amati phulusa. Tambiri ndi tagalasi lachilengedwe, chifukwa timazizira msanga mumlengalenga, tina ndi timiyala ta phiri lakale lomwe laphwasuka. Tili ndi m'mbali mwakuthwa, sitisungunuka m'madzi, ndipo pamwamba pake pamamatirira mchere ndi asidi wochokera ku mpweya wa phirilo. Mavuto onse a denga, munda ndi madzi amachokera pa zinthu zitatuzi: kulemera kwa mwala, kuthwa kwa galasi, ndi mankhwala omatirira pamwamba.

Denga

Phulusa louma limalemera mosiyanasiyana malinga ndi phiri komanso kukula kwa tizidutswa, koma poyerekeza msanga tingatenge kuti milimita imodzi ya phulusa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imalemera kilogalamu imodzi. Tiyese pa nyumba wamba ya malata, ya mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Denga lake likuphimba malo okwana masikweyamita 48. Phulusa likaunjikana masentimita 10, omwe ndi mamilimita 100, sikweyamita iliyonse yasenza makilogalamu 100, ndipo denga lonse lasenza makilogalamu 4,800. Amenewo ndi matumba 96 a chimanga a makilogalamu 50, oyalidwa pamwamba pa malata. Palibe mmisiri amene amakhoma denga la nyumba yogona akuganizira katundu wotero. M'madera otentha denga amalimangira mvula, mphepo, ndi munthu mmodzi kapena awiri okwera kukakonza.

Kenako pabwere mvula. Pakati pa tizidutswa ta phulusa pamakhala mipata yambiri, ndipo mvula sichotsa phulusa lochuluka chonchi padenga, imalowa m'mipatamo n'kukhala momwemo. Kulemera kumakwera ndi theka, nthawi zina kufika pafupi kuwirikiza kawiri. Matumba athu 96 aja afika pa 140 kapena kupitirira, pamene kukhuthala kwa phulusalo sikunasinthe, mwinanso kwachepa chifukwa latsindirika. Apa ndi pomwe maso amanyenga. Munthu amasuzumira padenga n'kuona kuti phulusa silinawonjezereke, osadziwa kuti katundu wakula. Ku Pinatubo, m'matauni ngati Castillejos, Olongapo ndi Angeles, phulusa lonyowa la masentimita 10 mpaka 20 linali lokwanira kugwetsa madenga ambiri.

Chomwe chimandikhudza kwambiri pa nkhani ya Pinatubo ndi mtundu wa nyumba zomwe zinagwa. Akatswiri atayendera nyumba za ku Castillejos patapita masiku ochepa, anapeza kuti madenga otambalala, opanda khoma kapena mzati pakati, ndi omwe anagonja kwambiri kuposa a nyumba zing'onozing'ono zokhala ndi zipinda. Amenewa ndi madenga a matchalitchi, masukulu, misika, maholo ndi nyumba zosungiramo katundu, malo omwe anthu amathawirako zinthu zikavuta poganiza kuti nyumba yaikulu ndiyo yolimba. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mtanda ukasenza katundu wofanana kutalika kwake konse, mphamvu yofuna kuuthyola pakati imakula mowirikiza kanayi mpata wa pakati pa makoma ukawirikiza kawiri. Mtanda wodutsa mamita 6 popanda chochirikiza umavutika kanayi kuposa wodutsa mamita 3, ngakhale phulusa lili lofanana. M'nyumba yogona, makoma a zipinda amagawa denga m'timipata tating'ono. Mutchalitchi mulibe zimenezo.

Pali zinanso zomwe zimasiyanitsa denga ndi denga. Lotsetsereka kwambiri limataya phulusa louma lokha, ngakhale lonyowa limamatirirabe. Lafulati limasunga zonse. Khonde lotuluka kutali popanda mizati limathyoka msanga, ndipo likamathyoka limatha kukoka mbali ina ya denga. Pomwe madenga awiri akumana kupanga chigwa, komanso kuseri kwa kakhoma kotchingira denga, phulusa limaunjikana kuposa pena paliponse. Denga laudzu limagwira phulusa chifukwa ndi lokhakhala, ndipo udzuwo umamwanso madzi. Ngalande za m'mphepete mwa denga zimadzaza ndi kugwa poyambirira, phulusa likadali masentimita ochepa chabe.

Denga lamatabwa ndi malata nthawi zambiri limachenjeza lisanagwe, ngakhale chenjezolo lingakhale lalifupi. Malata amabonyoka pakati pa mitanda, matabwa amalira, misomali imazuka, siling'i imagwera m'kati, ndipo chitseko chomwe chimatseguka bwino chimayamba kukana chifukwa khoma lakankhidwa. Zikayamba zimenezi ndi nthawi yotuluka, si nthawi yokwera pamwamba ndi fosholo.

Kuchotsa phulusa padenga kumapulumutsa nyumba, koma kuli ndi ngozi yakeyake. M'malo ambiri omwe phulusa linagwa, anthu ochuluka avulala ndipo ena afa pogwa padenga pokolopa. Phulusa limaterera, limabisa pomwe pali mtanda ndi pomwe pali lata lokha, ndipo thupi la munthu limawonjezera katundu pa denga lomwe latsala pang'ono kugonja. Njira yabwino ndi kuyamba msanga, lisanafike masentimita angapo, kukokera pansi ndi tsache kapena khasu la mpini wautali munthu ataima pa makwerero. Ngati kukwera sikungapeweke, pamafunika kuyala thabwa lopondapo ndi kuchotsa mbali zonse ziwiri mofanana, kuti denga lisalemere mbali imodzi. Kuthira madzi ambiri kuti phulusa likokoloke ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa ndi kuchita ndi manja zomwe namondwe Yunya anachita. Kuwaza pang'ono kuti fumbi lisabuke n'kokwanira. Pakamwa ndi pamphuno pafunika chophimba, makamaka kwa odwala mphumu, ndipo m'maso mukalowa phulusa musatikite, tsukani ndi madzi. Ngakhale phulusa lochepa lomwe silingagwetse denga siliyenera kusiyidwa miyezi, chifukwa asidi wake pamodzi ndi chinyezi zimadya malata mpaka kuboola.

Munda ndi ziweto

M'munda, funso loyamba ndi lomwelo: lagwa lochuluka bwanji? Lachiwiri ndi lakuti mbewu zili pa msinkhu uti.

Phulusa la mamilimita ochepa limaphimba masamba n'kutchinga dzuwa, ndipo asidi wake amatha kuwaula masamba anthete, maluwa ndi khungu la zipatso. Kukagwa mvula yabwino m'masiku ochepa, zambiri zimatsukika ndipo mbewu zimachira. Mame kapena mvula yowaza ndi yoipa kuposa mvula yamphamvu, chifukwa imangonyowetsa phulusa n'kulimata pamasamba. Ndiwo zamasamba zimawonongeka msanga: kabichi kapena letesi wolowa phulusa m'kati sagulika ngakhale sanafe. Mbewu za masamba aubweya, monga maungu, tomato ndi fodya, zimagwira phulusa kuposa za masamba osalala. Mpunga ndi chimanga zimapirira zikadali zobiriwira, koma phulusa likagwa pa nthawi ya maluwa, mpunga ukamasula kapena chimanga chili ndi ngayaye ndi ndevu, mungu sufika pomwe uyenera kufika. Munda umaonekabe wobiriwira, koma pokolola mumapeza mphwepwa ndi zisononkho za njere zowerengeka. Njuchi ndi tizilombo tina tonyamula mungu timafanso, popeza phulusa limakala khungu lawo n'kuwaumitsa.

Likafika masentimita angapo, vuto limasanduka kulemera. Mbewu zimagona pansi, masamba a nthochi ndi makhwatha a kokonati amathyoka, nthambi za mitengo ya zipatso zimakhadzuka. Nthochi imaphukanso kuchokera pansi, ndipo chinangwa ndi mbatata zimasunga chakudya m'nthaka ngakhale masamba atha, choncho mbewu zoterezi ndi zomwe zimagwira mabanja m'miyezi yoyamba. Kupitirira masentimita 10 kapena 15, mbewu zazifupi zimakwiririka ndipo nthaka yeniyeni imatsekeka. Phulusa losalala likanyowa n'kuuma limapanga chikhakha cholimba pamwamba, madzi ndi mpweya sizilowa, nyongolotsi ndi tizamoyo ta m'nthaka timafa, ndipo mvula imangothamanga pamwamba.

Mlimi angachite chiyani? Pomwe phulusa ndi lochepa moti khasu kapena pulawo ikufika pa dothi lakale, chofunika ndi kulitembenuza kuti lisakanikirane ndi dothilo, n'kuwonjezera manyowa kapena zinyalala zowola. Alimi ambiri a ku Luzon anachita zimenezi ndipo anabwerera ku ulimi. Pomwe ndi lokhuthala kuposa pofika pulawo, amayenera kulipalira pambali kapena kukumba maenje ofika pa dothi lakale n'kudzalamo. Koma chomwe chinasautsa alimi a kumeneko zaka zambiri sichinali phulusa lomwe linagwera m'minda yawo. Linali lomwe linatsala m'phiri. Dzinja lililonse mvula inkalikokolola n'kutsika nalo m'mitsinje ngati matope olemera, ofanana ndi chomwe kwathu timati napolo, n'kukwirira minda ya mpunga, ngalande zothirira ndi midzi. Mu 1995, patatha zaka zinayi phiri litaphulika, matopewa anakwirira tauni ya Bacolor, ndipo tchalitchi chake chakale cha San Guillermo chinamira mpaka pafupifupi theka.

Ziweto zili ndi vuto lina lomwe silioneka ndi maso. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zikamadya msipu wokutidwa ndi phulusa zimameza phulusalo. Limaperesa mano, limatha kutseka m'mimba, ndipo mapiri ena amatulutsa phulusa lokhala ndi fuloraidi wambiri. Mankhwala amenewa akachuluka m'thupi chiweto chimasiya kudya, chimatuluka dovu, chimafooka n'kufa m'masiku ochepa, ndipo akamalowa pang'onopang'ono amawononga mano ndi mafupa mpaka chiweto kumatsimphina. Ku Iceland, kuphulika kwa phiri la Laki mu 1783 ndi 1784 kunapha pafupifupi theka la ng'ombe ndi nkhosa zambiri za dzikolo, ndipo njala yotsatira inapha pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse. Sipafunikanso phulusa lambiri. Ku New Zealand mu 1995, phiri la Ruapehu linagwetsa mamilimita ochepa chabe pa msipu, koma nkhosa pafupifupi 2,000 zinafa, makamaka zabere ndi zoyamwitsa, zomwe zimadya kwambiri ndiponso zimabudula udzu mpaka pansi pomwe pali phulusa. Chitetezo ndi kuzitsekera m'khola, kuzipatsa chakudya chosungidwa ndi madzi ovundikira, mpaka mvula itatsuka msipu kapena udzu watsopano utamera.

Madzi

Pachilumba cha Ambae m'dziko la Vanuatu mitsinje yoyenda chaka chonse ndi yosowa, ndipo mabanja ambiri amamwa madzi amvula okololedwa padenga kupita m'mathanki ndi m'zitsime zasimenti. Phiri la pachilumbacho litayamba kuphulika mu 2017, anthu onse, pafupifupi 11,000, anasamutsidwa. Anabwerera, koma mu 2018 phulusa linagwa lochuluka, minda inawonongeka, madenga ena anagwa, madzi anaipa, ndipo anasamutsidwanso. Chilumbachi chikuonetsa bwino chifukwa chake thanki la padenga ndi lomwe lili pangozi kuposa gwero lina lililonse la madzi: denga lalikulu limasonkhanitsa phulusa lonse n'kulitsanulira m'madzi ochepa.

Tibwerere ku nyumba yathu ya masikweyamita 48, ndipo tinene kuti ili ndi thanki la malita 2,000. Kwagwa phulusa la mamilimita 5 okha, loti silingaopseze denga. Amenewo ndi makilogalamu 240. Tiyerekeze kuti kilogalamu iliyonse ili ndi mamiligalamu 20 a fuloraidi wosungunuka, pokumbukira kuti mapiri amasiyana kwambiri pa zimenezi. Mvula ikatsukira zonse m'thanki, mwalowa mamiligalamu 4,800, omwe pa malita 2,000 ndi mamiligalamu 2.4 pa lita. Muyezo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, ndi mamiligalamu 1.5 pa lita. Phulusa lomwelo likagwera panyanja yakuya kapena pamtsinje waukulu, mankhwalawo amasungunukira m'madzi ochuluka moti kusintha kwake kumakhala kochepa. Muyezo wa WHO ndi wa madzi omwa moyo wonse, choncho kumwa madzi otere masiku angapo pa nthawi ya ngozi sikupha munthu. Vuto limakula pomwe phiri limatulutsa phulusa ndi mpweya chaka ndi chaka, monga pachilumba cha Ambrym ku Vanuatu komweko, komwe ana ambiri ali ndi mano a mawangamawanga chifukwa cha fuloraidi wa m'madzi amvula.

Njira yotetezera thanki ndi yotsika mtengo ndipo imafuna mphindi zochepa: kuchotsa paipi yochokera kudenga phulusa lisanayambe kugwa, ndi kuvundikira pakamwa pa thanki. Paipiyo isabwezeredwe mpaka denga litasesedwa ndiponso mvula yoyamba itatsuka n'kutayikira pansi. Chitsime chosavundikira chifunika chivundikiro. Mjigo ndi kasupe wotetezedwa nthawi zambiri sizikhudzidwa, chifukwa madzi ake amachokera pansi.

Nanga phulusa likalowa kale? Madzi amachita mbuu, nthawi zina amawawasa pang'ono kapena kumveka chitsulo m'kamwa chifukwa cha ayironi, manganizi ndi aluminiyamu. Kawirikawiri madzi amafika posamweka ndi kukoma kwake asanafike pokhala poizoni, koma fuloraidi alibe fungo kapena kukoma, ndiye yekhayo amafuna kuyezedwa. Kusiya madzi kuti adikhe n'kutunga apamwamba, kapena kusefa ndi nsalu, kumachotsa tizidutswa koma osati zomwe zasungunuka. Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa matenda koma sikuchotsa fuloraidi, ndipo madzi akaphwera pamoto iye amatsalira wochuluka. Kolorini naye sagwira bwino ntchito m'madzi a mbuu, popeza tizilombo timabisala m'tizidutswamo, choncho madzi ayambe adikha kenako athiridwe mankhwala.

M'matauni vuto limakhala lina. Phulusa limatseka zosefera, limaperesa mapampu, ndipo likanyowa pa zipangizo za magetsi limazimitsa magetsi omwe amapopa madziwo. Pa nthawi yomweyo aliyense amatsegula mpope kutsuka bwalo, galimoto ndi denga, ndiye mathanki a tauni amaphwa. Madzi otsukirawo amakokera phulusa m'ngalande ndi m'mapaipi a zonyansa, momwe limakhazikika n'kulimba, ndipo kulichotsamo ndi ntchito yodula kuposa kuliwola ndi fosholo likadali pabwalo.

Chonde

Amene anakwerapo basi kuchoka pa chipata cha Songwe kupita ku Mbeya m'dziko la Tanzania amadziwa mmene dziko limasinthira msewu ukayamba kukwera kulowera ku Tukuyu. Nthochi zimachita kuthithikana mpaka pakhomo, tiyi ali mbali zonse, mapeyala, khofi, ndipo kumtunda kozizira kuli mbatatesi. Dothi lake ndi lakuda, lofewa. Amenewa ndi mapiri ophulika a Rungwe, Ngozi ndi Kyejo, kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Kyejo linaphulika komaliza cha m'chaka cha 1800, ndipo m'maphompho a m'mbali mwa msewu mumaoneka mizere ya phulusa ndi timiyala topepuka toyera, umboni wa kuphulika kwakukulu kwa zaka zikwi zapitazo. Phulusa lina la mapiriwa linapezeka m'matope a pansi pa nyanja yathu. Anthu a ku Tukuyu akulima pa chinthu chomwecho chomwe chinagwetsa madenga ku Luzon.

Kuti timve chifukwa chake, tiganizire za katondo wofiira wa m'madera ambiri otentha. Dothi limeneli ndi lakalekale. Mvula ya zaka zosawerengeka inatsuka kale kashiamu, maginiziyamu ndi potaziyamu, n'kusiya ayironi, aluminiyamu ndi dongo losagwira chakudya cha mbewu. Mwala womwe ungabwezeretse michereyi uli pansi patali, komwe mizu sifika. Phiri lophulika limatenga mwala watsopano, wosatsukika, n'kuuyala pamwamba uli woperapera kale. Galasi la m'phulusa silikhalitsa likakumana ndi madzi, limafumbutuka msanga kuposa miyala yambiri, ndipo poti tizidutswa ndi tating'ono, madzi amatifika mbali zonse. Pofumbutukapo timatulutsa michere ija pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Chilumba cha Java ku Indonesia, chomwe chili ndi anthu oposa 150 miliyoni, chakhala chikulandira chakudya cha nthaka chotere kuchokera ku mapiri ake ambiri.

Koma michere ndi gawo chabe. Galasi likafumbutuka pamalo a mvula yambiri limabala dongo la mtundu wake lotchedwa alofeni, lopangidwa ndi timibulu tating'onoting'ono tobowoka m'kati. Dongoli pamodzi ndi aluminiyamu wotuluka m'phulusa zimagwira zowola za masamba ndi mizu kuti zisathe msanga, n'chifukwa chake dothilo limada. Limakhala lopepuka, la mipata yambiri, losunga madzi ochuluka koma osadikha, ndipo mizu imalowa mosavuta. Akatswiri a nthaka amalitcha andosolo. Mukalitenga lonyowa n'kulifinya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, limayamba ngati lolimba kenako n'kuterereka mwadzidzidzi, kusiya chinyezi pachala, osamata ngati makande. Dothi lotere limaphimba malo osakwana gawo limodzi pa magawo 100 a mtunda wa dziko lapansi.

Mawu akuti phulusa ndi feteleza amafunika kusamala nawo, chifukwa amapatsa chiyembekezo cholakwika kwa mlimi amene munda wake wakwiririka dzulo. Phulusa latsopano lilibe nayitirojeni wokwanira mbewu ndipo lilibe zowola. Nayitirojeni amabwera pambuyo, kudzera mu ndere, tizamoyo ta m'nthaka, zomera za mtundu wa nyemba ndi masamba owola. Phulusa lochepa losakanizidwa ndi dothi lakale lingathandize m'nyengo zochepa, ndipo la Ruapehu lija linapatsa msipu sulufule yemwe alimi akanagula. Koma lokhuthala mita kapena kuposa liyenera kupanga dothi kuyambira pachiyambi, ndipo zimenezi zimatenga zaka makumi ambiri mpaka mazana kumalo otentha a mvula, ndi zaka zikwi kumalo ouma kapena ozizira.

Mtundu wa phulusa nawo umasiyanitsa. Lakuda, lochokera ku mwala wa ayironi, maginiziyamu ndi kashiamu wambiri, limafumbutuka msanga ndipo limapatsa zambiri. Loyererako, lodzaza ndi silika, ndi losauka ndipo limachedwa. La Pinatubo linali loyererako, ndipo mchenga womwe matope aja anasiya m'zigwa sunkasunga madzi kapena feteleza, moti alimi anavutika nawo zaka. Pakati pa chilumba cha kumpoto cha New Zealand, dothi la timiyala toyera ta phiri linkameretsa udzu wooneka bwino, koma ng'ombe ndi nkhosa zinkangowonda n'kufa. M'zaka za m'ma 1930 kunadziwika kuti dothilo linalibe mchere wa kobati wokwanira, ndipo atayamba kuthira pang'ono chabe pamodzi ndi feteleza, derali linasanduka la ziweto.

Ngakhale andosolo wabwino ali ndi chilema chake chodziwika, chomwe ndi fosiforasi. Alofeni yemwe amagwira zowola uja amagwiranso fosiforasi mwamphamvu, moti dothi lotere limatha kumanga magawo oposa 85 pa 100 a fosiforasi woyesedwa nalo. Mlimi amaona dothi lakuda bii, koma chimanga chake chili chopinimbira, masamba a m'munsi ali ofiirira m'mbali, mizu ili yochepa. Akamwaza feteleza wokulitsa munda wonse, dothi limamulanda mbewu isanamupeze. Chothandiza ndi kuika fetelezayo pamalo amodzi pafupi ndi phando, kuti akhudzane ndi dothi lochepa, ndiponso kuthira manyowa, omwe amatseka ena mwa malo ogwira fosiforasi aja. Pomwe dothi lawawasa kwambiri, laimu amathandiza. Ndipo poti dothili ndi lopepuka ndiponso limapezeka m'malo otsetsereka a mvula yambiri, likasiyidwa poyera litauma limauluka ndi mphepo kapena kukokoloka. Minda ya nthochi ya ku Rungwe, momwe makungwa ndi masamba a nthochi amayalidwa pansi ndipo ndowe za m'khola zimabwerera kumunda, imasunga chonde chake chifukwa nthaka siikhala yovula chaka chonse.